Dzina la pa thumba la mpunga: litchule mpunga, kapena lisiye malo a katundu wina?

Funso: Ndimagula mpunga kwa alimi a ku sikimu ya Bua, ndimakakonoletsa, n'kulongedza m'mapaketi a 1, 2 ndi 5 kilogalamu. Ndimagulitsa pa boma pa Nkhotakota ndi m'magolosale angapo ku Dwangwa. Tsopano ndikufuna kulembetsa bizinesi ndi kusindikiza mapaketi. Ine ndikufuna dzina loti "Mpunga wa ku Bua" chifukwa anthu amanditchula kale choncho. Bambo a kunyumba akuti tilembe "Madalitso General Dealers" poti chaka cha mawa tikufuna kuyamba mtedza, chiponde ndi ufa wa kondowole. Nditenge liti?

Yankho: Mayi, nonse awiri mwaona zoona, koma mwaika pa dzina limodzi ntchito zimene zimagwiridwa ndi zinthu zitatu zosiyana. Pali dzina lolembedwa pa satifiketi ya bizinesi, limene a banki, a MRA ndi a khonsolo amaliwerenga. Pali dzina lolembedwa ndi zilembo zazikulu pa paketi, limene wogula amalitchula akafika pa golosale. Ndiye pali mawu ofotokoza zimene zili mkati mwa paketiyo. Mawu ofotokozawa amasintha pa katundu aliyense, ndipo kuwasintha sikudula. Dzina lalikulu la pa paketi ndilo lofunika kuliganizira mofatsa, chifukwa likakhazikika m'kamwa mwa anthu, kulichotsamo n'kovuta. Langizo langa ndi lakuti pa malo amenewo musaikepo lililonse mwa maina awiri mwatchulawa. Ndifotokoza chifukwa chake.

Tiyambe ndi lanu. Ubwino wake ndi woonekeratu: munthu akangoliwerenga wadziwa chimene akugula ndi kumene chachokera, ndipo mpunga wa kunyanja kuno uli kale ndi mbiri yabwino ku Lilongwe ndi ku Kasungu. Simudzalipira wina aliyense kuti afotokozere anthu. Phindu limeneli si lochepa kwa bizinesi yopanda ndalama zolengezera pa wailesi.

Koma dzinali likukumangani pawiri, ndipo chingwe chachiwiri ndicho anthu ambiri sachiona. Choyamba ndi chimene bambo aona: botolo la chiponde lolembedwa "Mpunga wa ku Bua" limasokoneza wogula. Chachiwiri ndi malo. Mpunga umakololedwa cha mu Meyi ndi Juni, ndipo pofika Disembala kapena Januwale wa alimi amene mumagulako umakhala utachepa, mtengo utakwera. Wamalonda aliyense wa mpunga amadziwa zimene zimachitika pamenepo: mumapita kukaufuna kwina, kaya ku Lifuwu ku Salima, kaya m'madambo a kufupi ndi Dwangwa. Tsiku limene mudzathire mpunga wa ku Lifuwu m'paketi yolembedwa kuti ndi wa ku Bua, paketi yanu yanena bodza. Wogula wa ku Lilongwe mwina sadzazindikira, koma pa boma pano anthu amadziwana, ndipo mwini chigayo chokonolera amadziwa kumene matumba anu achokera. Komanso malamulo a zolemba pa zakudya zolongedza, amene bungwe la MBS limayang'anira, salola mawu osocheretsa wogula. Zimenezi zimachitikanso ndi mtundu wa mpunga. Amene anaika mawu oti Kilombero m'dzina la bizinesi amasowa chochita chaka chimene wapeza Faya wabwino pa mtengo wotsika.

Palinso vuto la umwini. Mawu oti mpunga ndi a aliyense, ndipo Bua ndi mtsinje. Mlimi aliyense wa kumeneko ali ndi ufulu wonena kuti mpunga wake ndi wa ku Bua, ndipo akunena zoona. Mukadzavutika zaka zitatu kusankha miyala, kupeta bwino ndi kuyeza sikelo yokwana, wina akhoza kuyika mawu omwewo pa paketi ya mpunga wosweka, inu osatha kumuletsa. Lamulo la zizindikiro za malonda la 2018 limateteza dzina limene limasiyanitsa katundu wa munthu mmodzi ndi wa anzake. Mawu ongotchula mtundu wa katundu kapena dera limene wachokera savomerezedwa kawirikawiri kuti akhale a munthu mmodzi. Choncho mbiri yonse imene mungaimange pa dzinali mudzagawana ndi aliyense wofuna.

Tsopano la bambo. "Madalitso General Dealers" silikumangani pa katundu aliyense. Mukhoza kugulitsa mpunga lero, simenti mawa. Vuto lake ndi lomwelo: silinena kanthu. Yendani pa msika wa Nkhotakota, pa Benga kapena pa Kamuzu Road ku Salima, muwerenge zikwangwani zoyamba ndi Madalitso, Chisomo, Tikondane ndi Tiyanjane. Ndi maina abwino, otuluka mumtima, koma ndi ambiri. Palibe mayi amene adzatume mwana kuti "kagule mpunga wa General Dealers". Adzangoti "kagule mpunga", ndipo mwanayo adzatenga uliwonse umene wa golosale amupatse. Komanso ku ofesi yolembetsa mabizinesi, imene timaidziwa kuti kwa Registrar General, dzina lofanana kwambiri ndi lolembetsedwa kale limakanidwa, ndipo maina otchuka chonchi ndiwo amagundana kwambiri ndi a ena.

Komabe dzina la bambo lili ndi malo ake. Ngati litavomerezedwa, likhoza kukhala la pa satifiketi, la ku banki ndi la pa nambala ya msonkho ya TPIN. Pa paketi lingaoneke m'munsi ndi zilembo zazing'ono, pamene pamalembedwa amene walongedza ndi kumene amapezeka. Bizinesi imodzi yolembetsedwa ikhoza kugulitsa katundu wa maina osiyanasiyana. Ine ndikanakonda kuti dzina la pa satifiketi ndi la pa paketi likhale limodzi, chifukwa wa golosale akamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba amakayika akaona dzina losiyana ndi limene ali nalo pa shelefu. Koma ngati kunyumba mwagwirizana kuti Madalitso akhalepo, malo ake ndi amenewo.

Nanga dzina lalikulu likhale lotakata bwanji? Apa ndi pamene pagona nkhani. Ambiri amayeza ndi maloto awo: zonse zimene angadzagulitse m'moyo wawo. Muyezo woyenera ndi wogula amene muli naye lero. Dzifunseni chimene iye amakukhulupirirani nacho. Mayi amene amatenga paketi yanu ya 2 kilogalamu akhoza kugula mpunga wa pa mulu wotsika mtengo. Amalipira zoonjezera chifukwa wanu ulibe miyala, ulibe anankafumbwe, ndi wouma, ndipo kilogalamu yake ndi yokwana. Ndiye kuti chimene akugula kwa inu ndi chakudya chouma chosankhidwa bwino. Chikhulupiriro chimenechi chimasamukira mosavuta ku mtedza, nyemba ndi ufa wa kondowole, chifukwa funso la wogula ndi lomwelo: kodi ndi zoyera, kodi zauma bwino, kodi muyezo ndi wokwana. Ku chiponde chimafikako, ngakhale kuti kumeneko wogula amafunsanso za kakomedwe. Ku sopo kapena mankhwala a m'munda sichifika konse, ndipo palibe amene amafuna kuona dzina la chakudya cha ana ake pa botolo la mankhwala ophera mbozi. Dzina lanu likhale lotakata kufika pamene chikhulupirirochi chathera, osapitirira apo. Zili ngati pogulira mwana yunifolomu: mumasiyako malo oti akuliremo zaka ziwiri kapena zitatu, koma simumugulira ya munthu wamkulu.

Tiyese ndi dzina lachitsanzo, loti Lichero. Sindikunena kuti mutenge lomweli. Ndalisankha kuti tione mmene dzina limayesedwera. Silitchula mpunga kapena dera, koma aliyense wolimva amaganiza za kupeta, kusankha ndi chakudya cha pakhomo. Paketi ya lero ikhoza kukhala ndi Lichero pamwamba ndi zilembo zazikulu, pansi pake "Mpunga wa Kilombero", pansi pakenso "wolimidwa ku Bua, Nkhotakota", kenako kulemera kwake. Onani kuti zonse zimene mumazikonda pa dzina lanu zija zilipobe: wogula akuona mpunga, akuona Bua. Kusiyana kwake ndi kwakuti Januwale akafika n'kugula wa ku Lifuwu, mumangosintha mzere wachitatu. Mtedza wa ku Mwansambo ukabwera, musintha mzere wachiwiri ndi wachitatu. Mzere woyamba, umene anthu auzolowera, sukhudzidwa. Umu ndi mmene bungwe la alimi la NASFAM limagulitsira mpunga wa Kilombero ndi mtedza pa dzina limodzi. Ngakhale makampani akuluakulu amene anaika katundu m'dzina anadzalichepetsa pambuyo pake: kampani ya Apple inkatchedwa Apple Computer mpaka 2007, pamene inachotsa mawu achiwiriwo itayamba kupanga mafoni. Iwo anali ndi ndalama zodziwitsira dziko lonse. Inu ndi bwino mupewe kufunika kosintha.

Dzina lililonse limene mungaliganize liyeseni musanalipire kanthu. Lembani katundu yense amene mukuyembekeza kugulitsa m'zaka zitatu zikubwerazi, koma yekhayo amene mukudziwa kale kokamugula ndi kokamugulitsa. Zina zonse ndi maloto, zisalowe pa pepalalo. Kenako tchulani mokweza dzinalo pamodzi ndi katundu aliyense: mpunga wa Lichero, mtedza wa Lichero, chiponde cha Lichero, ufa wa Lichero. Pamene lilime lakana kapena womvera waseka, pamenepo ndi pamalire a dzinalo. Mukatha apo, imbirani foni eni magolosale asanu amene mumawapatsa katundu, muwauze dzinalo kamodzi, ndipo muwapemphe akulembereni pa uthenga. Chitsanzo changachi chidzaonetsa chofooka chake pomwepo: ena adzalemba Lichero, ena Lichelo. Si vuto lalikulu pa golosale, koma pofufuza ku ofesi yolembetsa mufufuze kalembedwe konse kuwiri, ndipo pa mapepala onse musankhe kamodzi n'kukhala nako. Pakatha sabata afunseninso anthu omwewo. Ngati atatu mwa asanu aliiwala, lisiyeni. Popeza mumagulitsa ku Dwangwa, kumene kuli olankhula Chitonga ndi Chitumbuka ambiri, ndipo pa boma pano palinso olankhula Chiyao, funsani ngati dzinalo lilibe tanthauzo loipa m'zilankhulo zimenezo.

Pali mtengo umodzi wa dzina logwira katundu ambiri umene ndikufuna muumvetse bwino, chifukwa mwatchula mtedza. Katundu akagawana dzina, amagawananso mbiri. Mpunga wouma bwino suvuta kwambiri. Mtedza umavuta. Ukakololedwa n'kuumitsidwa mosakwanira, kapena ukanyowetsedwa kuti usendeke msanga, kapena ukasungidwa pa simenti yachinyontho, umachita chuku. Chuku china chimasiya poizoni amene sachoka pokazinga kapena popera, ndipo m'chiponde saoneka ndi maso. Tsiku limene gulu limodzi la chiponde chanu lidzapezeke ndi vuto, kapena lidzangochita fungo la mafuta owonongeka pa shelefu, wa golosale sadzati chiponde chokha n'choipa. Adzati katundu wa Lichero wayamba kuvuta, ndipo mpunga umene unalibe mlandu udzavutikira limodzi. Njira yake ndi kusathamangira kuika dzina pa katundu watsopano. Gulitsani mtedza wosankha kwa nyengo imodzi yathunthu, muone ngati alimi anu amaumitsa bwino ndiponso ngati mosungira mwanu ndi mouma. Chiponde chibwere mutayezetsa ku MBS ndi kupeza chilolezo chake, poti iwo amavomereza katundu aliyense payekha. Chilolezo cha mpunga sichiphimba chiponde. Ndipo ngati mudzalowe malonda a usipa wouma, kapena a madeya a mpunga odyetsa ziweto, amenewo ndingawapatse dzina lina, kapena kuwagulitsa m'matumba opanda dzina. Wogula madeya ndi woweta nkhumba ndi nkhuku, amayang'ana mtengo, ndipo dzina la chakudya cha anthu silimuonjezera kanthu.

Za kulembetsa, pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Kulembetsa dzina la bizinesi kumakupatsani satifiketi yotsegulira akaunti ku banki, kutengera TPIN ndi kupempha laisensi ku khonsolo. Sikukupatsani umwini wa dzinalo pa mapaketi. Umwini umenewo umabwera polembetsa chizindikiro cha malonda, chimene chimatetezedwa zaka 10 ndipo mutha kuonjezera zikatha. Katundu yense anagawidwa m'magulu 45, ndipo chitetezo chimagwira pa magulu amene mwalembetsa. Apa mapulani anu akukhudzidwa mwachindunji. Mpunga ndi ufa zili m'gulu 30. Chiponde, mtedza wokazinga, mafuta ophikira ndi nsomba zouma zili m'gulu 29. Zakudya za ziweto ndi mbewu zosakonza zili m'gulu 31. Mukalembetsa m'gulu 30 lokha, munthu wina akhoza kuyesa kutenga dzina lomwelo pa chiponde inu musanafikeko, ndipo kumuchotsa kudzafuna nthawi ndi maloya. Gulu lililonse limaonjezera ndalama zolipira, choncho musatenge ambiri. Kwa inu, 30 ndi lofunika tsopano, ndipo 29 ndi loyenera ngati chiponde chili pafupi zedi monga mwanenera. Kulembetsa magulu amene simudzawagwiritsa ntchito n'kutaya ndalama, chifukwa chizindikiro chokhala zaka zingapo osagwiritsidwa ntchito chikhoza kufufutidwa wina akapempha. Ngati ndalama sizikwana lero, chitani chochepa chimene chingakupulumutseni: pemphani kuti akufufuzireni ngati dzinalo lili kale ndi mwini m'magulu awiriwa, musanapite kwa osindikiza.

Kwa osindikiza ndi kumene kusankha molakwa kumaonekera m'thumba. Mapaketi apulasitiki osindikizidwa pa makina amafuna kuti muyambe mwalipira zodindira zake, ndipo zimenezi zimapangidwa pa mtundu uliwonse wa utoto ndi pa saizi iliyonse ya paketi. Komanso osindikiza salola oda yaing'ono. Tiyerekeze kuti mumagulitsa mapaketi 600 a 2 kilogalamu pa mwezi, ndipo wosindikiza akuti sangapange ochepera 10,000. Amenewo ndi mapaketi a miyezi pafupifupi 17. Mtedza wanu ukubwera chaka cha mawa. Tinene kuti pa mwezi wachisanu ndi chitatu mwaona kuti dzina lija silikukwanira. Pamenepo mwagwiritsa ntchito 4,800, ndipo 5,200 ali m'nyumba ndi dzina limene mukufuna kulisiya. Muli ndi masaizi atatu, ndiye nkhani yomweyi ichitika katatu. Onjezani chikwangwani, chidindo, mabuku a malisiti, ndi maulendo opita ku banki, ku MRA, ku khonsolo ndi ku MBS kukasintha mapepala.

N'chifukwa chake chaka choyamba ndimalangiza mapaketi oyera opanda zolemba, ndi masitika omata. Sitika imodzi imadula kuposa kusindikiza pa makina mukawerengera paketi imodzi, koma mumatha kupangitsa 500 kapena 1,000 basi, ndipo mukalakwitsa mumataya za mwezi umodzi kapena iwiri. Mukadzafika posindikiza pa makina, sindikizani zokhazo zosasintha: dzina, mitundu yanu ya utoto, kulemera, amene walongedza ndi nambala ya foni. Siyani malo oyera oikapo sitika yaing'ono kapena chidindo cha mtundu wa mpunga, dera limene wachokera, tsiku lolongedza, tsiku lothera ndi nambala ya gulu la mapaketi olongedzedwa limodzi. Potero paketi imodzi ya 1 kilogalamu ikhoza kugwira Kilombero, Faya, ngakhale nyemba.

Pali nthawi imene dzina lotchula katundu ndilo labwino, ndipo sindikufuna kuibisa. Ngati mukadanena kuti cholinga chanu ndi kugula chigayo chanu chokonolera, kukhala pa mpunga wokha, n'kukula pofika m'mashopu a ku Lilongwe ndi Mzuzu, ndikanati ikani mawu oti mpunga m'dzina popanda mantha. Kukula kotere ndi kugulitsa katundu yemweyo kwa anthu ambiri, ndipo dzina lolunjika limathandiza. Ngakhale pamenepo ndikanati patsogolo pakhale liwu lanulanu m'malo mwa dzina la mtsinje. N'chimodzimodzi pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu wa M5. Woyendetsa galimoto ali ndi masekondi ochepa, ndipo chimene chimamuimitsa ndi mawu oti MPUNGA olembedwa aakulu. Pa chikwangwani chotero mawu a katundu akule kuposa dzina. Bolodi lake lipangidwe ndi matabwa osiyana, kuti mtedza ukabwera mungokhomerapo thabwa lina.

Chotsala ndi anthu amene amakutchulani kale kuti mayi a mpunga wa ku Bua. Musawataye. Kwa nyengo imodzi yathunthu, kuyambira kukolola kuno kufikira kwina, mawu oti Bua aoneke bwino pansi pa dzina latsopano pa paketi iliyonse ya mpunga wochokeradi kumeneko. Nambala ya foni ikhale yomweyo, ndipo ngati mapaketi anu ali ndi mtundu umene anthu auzolowera, musausinthe nthawi imodzi ndi dzina. Pitani nokha kwa mwini golosale aliyense wa pa boma ndi ku Dwangwa, mumuonetse paketi yatsopano, ndipo mulankhulenso ndi mnyamata wa pa kauntala, chifukwa iyeyo ndi amene amayankha wogula akafunsa kuti mpunga uja uli kuti. Mudzadziwa kuti dzina lagwira pamene eni magolosale ayamba kulitchula okha poitanitsa katundu pa foni. Mtedza ulowe pa dzinalo zimenezo zitachitika, ndipo oda ya mapaketi 10,000 idikire kufikira nthawi yomweyo.